Anthu 14,000 anawonera, anabwerera ndi angati? Lipoti la mndandanda wa mavidiyo a nsomba ku Mangochi

Lipoti ili ndi la tchanelo chaching'ono cha pa YouTube chomwe ndinathandiza kuwerenga ziwerengero zake m'chaka cha 2025. Mwini wake ndi mayi wochita geni ya nsomba, amene amapikula usipa ndi utaka m'madoko a cha ku Makawa n'kumakagulitsa pa boma komanso kutumiza ku Limbe. Wojambula ndi kusonkhanitsa zidutswa ndi mwana wa achemwali ake, mnyamata wodziwa bwino foni. Ndalemba kuti anzanga amene mumathandiza eni matchanelo aang'ono muwone pamene ziwerengero zikanatisocheretsa, chifukwa panatsala pang'ono kuti ngongole itengedwe potengera nambala yosayenera.

Chiyambi chake

Mndandanda unayamba mu Febuluwale. Gawo lililonse linkatalika mphindi 10 kapena 12, ndipo linkatsatira nsomba kuchokera pomwe chilimira chafika kumtunda mpaka pamsika: kukambirana mtengo wa chigoba pa doko, kufutsa usipa, kuyanika pa thandala, kuwamba, kulongedza m'matumba. Ankatulutsa gawo akapeza mpata, pena kawiri pa sabata, pena n'kudumpha masabata awiri. Pambali pa magawo aataliwo, mnyamatayu ankaponyanso tizidutswa ta `Shorts`, ta mabwato, ana akusambira, dzuwa likulowa, chilichonse chokongola chomwe wakumana nacho.

Kumayambiriro kwa Juni, mwera uli pachimake, anajambula boti likulimbana ndi mafunde pofika pa doko, anthu akuthamangira m'madzi kukaligwira. Analiika ngati gawo la mndandanda womwewo. Vidiyoyo inayenda m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo m'sabata imodzi inawonedwa ndi anthu pafupifupi 14,000, pomwe magawo ena ankathera cha m'ma 900. Olembetsa tchanelo anakwera ndi mazana angapo.

Apa ndi pomwe anandipeza. Funso lawo silinali la ziwerengero ayi. Ankafuna ndiwauze kamera ndi maikolofoni zoti agule, chifukwa mayi aja anali atakonzeka kukatenga ngongole ku banki m'khonde. "Achimwene, anthu ayamba kutikonda, tisawagwiritse fuwa la moto ndi zithunzi za pa foni," anatero. Ndinawapempha kuti tiyambe tawona ngati anthu 14,000 aja analidi awo.

Zomwe YouTube imawerenga

Mu YouTube Studio, pansi pa `Analytics`, pali tsamba la `Audience`. Pa nthawi imeneyo linkagawa owonera pawiri. `New viewers` ndi anthu amene awonera tchanelo chanu koyamba m'nyengo yomwe mwasankha. `Returning viewers` ndi amene anawonerapo kale china chake pa tchanelocho ndipo abweranso. Palinso `Unique viewers`, chomwe ndi chiyerekezo cha anthu enieni osiyanasiyana, kusiyana ndi `Views` yomwe imakwera ngakhale munthu mmodzi yemweyo atabwereza kuwonera.

Pali zinthu ziwiri m'matanthauzo amenewa zomwe zinalamulira ntchito yonse. Choyamba, munthu amatchedwa wobwerera chifukwa wabwerera ku tchanelo, osati ku mndandanda. Amene anawonera kachidutswa ka masekondi 20 ka ana akusambira, mawa lake n'kukumana ndi kena, ndi wobwerera, ngakhale sanatsekuleko gawo la nsomba ndi limodzi lomwe. Chachiwiri, YouTube imawerenga ngati watsopano munthu amene wawonera pa burawuza yobisa, amene wafufuta mbiri ya zomwe anawonera, ndi amene watha chaka osawonera tchanelocho. Kuno kwathu, komwe foni imagulidwa yakale, kufulashidwa, kutsekulidwira akaunti ina pa shopu, kenako n'kugulitsidwanso, anthu ena okhulupirika amawoneka ngati alendo. Komanso foni imodzi imazunguliridwa ndi anthu asanu pa khonde, YouTube n'kuwerenga mmodzi. Choncho nambala ya obwerera ndimaitenga ngati yochepera kuposa zenizeni. Chomwe ndimakhulupirira ndi kayendedwe kake, malinga ngati tikuyeza mofanana nthawi zonse.

Kuyeza mofananako tinakuchita ndi kope ndi cholembera. Pa gawo lililonse tinasankha masiku 7 oyambirira chitulukireni vidiyo, n'kulemba anthu onse, atsopano, ndi obwerera. Masiku 7 ndi ofunika chifukwa gawo la mu Febuluwale lakhala ndi miyezi yosonkhanitsa owonera pomwe la sabata yatha lili ndi masiku owerengeka. Kuziyerekeza momwe zilili n'kunamizana. Tinkadikiranso masiku awiri sabata ikatha tisanalembe, popeza ziwerengero za atsopano ndi obwerera zimachedwerapo kufika. Ntchito imeneyi imayenda bwino pa kompyuta, chifukwa `Advanced mode` ndi kusankha masiku mwaufulu zimapezeka bwino kumeneko kuposa pa pulogalamu ya pa foni. Tinabwereka laputopu.

Zomwe tinapeza

Magawo a mu Epulo ndi Meyi, vidiyo ya mwera isanabwere, ankafanana kwambiri. Aliyense ankakoka anthu pafupifupi 900 m'sabata yoyamba, mwa iwo 600 atsopano ndipo 300 obwerera. Vidiyo ya mwera inali ndi obwerera pafupifupi 420, ena onse, oposa 13,500, anali atsopano. Gawo lotsatira, lonena za kasungidwe ka usipa wofutsa, linakoka anthu 1,500, obwerera 330. Linzake linatsikira pa 1,000, obwerera 310.

Nditawerenga mzere wa obwerera wokha mokweza, 300, 420, 330, 310, m'chipindamo munakhala zii. Chikhamu cha anthu oposa 13,000 chinadutsa pa tchanelo, ndipo patatha magawo awiri mndandanda unatsala ndi anthu ake omwe aja, kuwonjezerapo khumi okha, kusiyana komwe kungabwere ngakhale ndi tsiku lomwe magetsi anazima.

Mnyamata uja sanagonje msanga, ndipo zifukwa zake ziwiri ndi zomwe ndikufuna tikhalepo, chifukwa mudzazimva kwa ena.

Choyamba anawerenga maperesenti. Anati obwerera anali 33 pa 100 aliwonse, anatsika kufika pa 3 pa vidiyo ya mwera, kenako anakwera kufika pa 22, kenako 31. "Mukuwona, akukwera sabata ndi sabata." Masamu ake anali olondola, koma peresenti ya obwerera imakwera m'njira ziwiri: obwerera akachuluka, kapena atsopano akachepa. Apa chomwe chinkachitika ndi chachiwiricho. Obwerera anachoka pa 330 kupita pa 310, kutanthauza kuti anachepa, koma peresenti inalumpha kuchoka pa 22 kufika pa 31 chifukwa alendo anali akuphwa. Tchanelo chomwe chikufa, chomwe sichikupezanso munthu watsopano ndi mmodzi yemwe, chimawonetsa 100 peresenti ya obwerera. Ndipo mbali inayo, 3 peresenti ya pa vidiyo ya mwera sinkatanthauza kuti anthu okhulupirika athawa, poti sabata imeneyo ndi yomwe anabwera ochuluka kuposa sabata ina iliyonse. Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana kuti m'kope mukhale mzere wa nambala yeniyeni ya obwerera, ndipo peresenti tinasiya kuilemba.

Chachiwiri chinali chovuta kuyankha. Anatsekula tsamba la `Audience` la tchanelo chonse, pa masiku 28 apitawo, n'kundiwonetsa kuti obwerera akwera kuchoka cha m'ma 600 kufika pa 1,100. Izi zinali zowona, ndipo mzere wake unkakwera mokongola. Kuti tidziwe kumene anthu amenewa ankabwerera, tinapanga gulu la mavidiyo mu `Advanced mode`, momwe tinaikamo magawo a mndandanda okhaokha, n'kusiya `Shorts` ndi mavidiyo ena kunja. Kenako tinayang'ana komwe owonera ankachokera. Kukwera konse kunali pa `Shorts feed`. Vidiyo ya mwera itatchuka, mnyamatayu anaduladula tizidutswa ta mafunde omwewo n'kumaponya tsiku ndi tsiku, ndipo YouTube inkatiperekeza kwa anthu omwe anawonera vidiyo yoyamba ija. Anthuwo anali obwerera ndithu malinga ndi tanthauzo, koma ankabwerera ku mafunde. Kamera yomwe inkafunidwa inali ya magawo aatali a geni ya nsomba, ndipo kumeneko sankafikako.

Mayi aja ndi amene anamva msanga kuposa tonse. Anati pamsika pali anthu a m'basi ya ku Monkey Bay amene amagula pa windo tsiku limodzi n'kupita, ndipo pali makasitomala amene amakufunafuna ukapanda kubwera. Mpamba umautengera a gulu lachiwirili. Anaimika nkhani ya ngongole tsiku lomwelo.

Za olembetsa ndidutsepo mwachidule. Mazana angapo aja anadina batani ali m'chisangalalo cha vidiyo imodzi, ndipo pa magawo otsatira owonera ochokera ku `Notifications` sanasinthe kwenikweni. Kulembetsa kumachitika kamodzi, pomwe kubwerera munthu amayenera kukusankha sabata iliyonse.

Anthu 300 aja ndi ndani

Funso linasintha. M'malo mofunsa chifukwa chomwe 13,000 sanabwerere, lomwe yankho lake linali lachidziwikire poti anabwera kudzawona boti osati usipa, tinafunsa chomwe chinkakoka 300 aja, ndi chomwe chinkalepheretsa atsopano 600 a sabata wamba kulowa m'gulu lawo. Atsopano a sabata wamba ndiwo ofunika, chifukwa anatsekula vidiyo akudziwa kuti ndi ya nsomba.

Lipoti la `Audience retention` limawonetsa mzere wa momwe anthu akutsalira vidiyo ikamayenda, ndipo limalola kuwona atsopano paokha ndi obwerera paokha. Pa magawo wamba mizere iwiriyi inali yosiyana kwambiri. Wa atsopano unkagwa chagada m'masekondi 30 oyambirira. Titawonera tinapeza chifukwa chake: gawo lililonse linkayamba ndi moni wautali, kuthokoza Mulungu, kuthokoza owonera, kutchula achibale omwe apereka ndemanga, zonse pamodzi kupitirira mphindi imodzi nsomba isanawoneke. Kwa munthu amene akuwerengera bandulo yake, mphindi imeneyo ndi ndalama. Mzere wa obwerera unkatsika pang'ono poyamba, kenako n'kukhala ndi kaphiri pa malo amodzi m'gawo lililonse, chizindikiro choti anthu ankadumphira pamenepo kapena kubwereza. Kaphiri kameneka kankagwera pomwe mayi aja akukambirana mtengo ndi asodzi, n'kutchula kuti chigoba cha usipa lero chili pa zingati, ndi kuti akachitumiza ku Limbe chitsala ndi phindu lanji akachotsa thiransipoti ndi nkhuni. Pena gawoli linkabwera pa mphindi ya chisanu ndi chiwiri, pena ya chisanu ndi chinayi, koma anthu ankalipeza ndithu.

Ndemanga zinagwirizana ndi zimenezi. Mayina omwewo ankabwera gawo ndi gawo, ndipo mafunso awo anali a mitengo. Pa `Geography` ya magawo wamba, South Africa inkatenga chigawo chachikulu pambuyo pa Malawi, zomwe sizodabwitsa kwa amene akudziwa kuchuluka kwa ana a ku Mangochi omwe ali ku Joni. Ena ankalemba m'Chiyao, kufunsa ngati mpamba womwe akufuna kutumizira akazi awo ungakwane kuyamba geni. Apa tisamale: sitinathe kunena ndi nambala kuti mwa obwerera 300, angati ali ku Joni. Tinangoona kuti zizindikiro zitatu, kaphiri ka pa mzere, ndemanga, ndi mayiko, zikuloza mbali imodzi, ndipo zinali zokwanira kuti tiyese.

Zomwe tinasankha, ndi chifukwa chake tinazichita motsatizana

Pocheza tinatulukira chinthu chomwe chinasintha dongosolo lonse. Mayi aja ankatumiza gawo lililonse m'magulu atatu a WhatsApp a amalonda anzawo, koma ankatumiza fayilo yeniyeni ya vidiyo, yochepetsedwa, osati linki. Chifukwa chake chinali chomveka: ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo fayilo imatha kugawidwanso foni kwa foni popanda data. Koma aliyense wowonera motere YouTube siimudziwa. Kunali gulu la anthu okhulupirika lomwe silinkawoneka paliponse.

Maganizo oyamba a aliyense angakhale kusintha zonse nthawi imodzi: kutumiza linki, kudula moni, kukonza tsiku. Ndinakana, ndipo ichi ndi chisankho chomwe ndingateteze kwambiri pa nkhani yonseyi. Kutumiza linki kukanakweza obwerera popanda munthu ndi mmodzi yemwe kuyamba kukonda mndandanda; anthu omwe ankawonera kale akanangosamukira pomwe timatha kuwawerenga. Tikanasintha zonse pamodzi n'kuwona nambala itakwera, sitikanadziwa ngati takopa anthu kapena tangosintha sikelo.

Choncho tinayamba ndi linki yokha. Kwa magawo atatu m'magulu munapita kachidutswa ka masekondi 30 ndi linki pansi pake, china chilichonse chili momwe chinalili. Gawo loyamba atsopano anakwera, chifukwa kwa YouTube amalonda aja anali alendo. Pofika gawo lachitatu obwerera anakhazikika cha m'ma 380, ndipo owonera ochokera ku `External`, kutanthauza kunja kwa YouTube, anali atakwera mofananira. Nambala ya 380 ndiyo tinaitenga ngati poyambira patsopano, n'kujambula mzere wofiira m'kope kuti za kumbuyo zisasakanizidwe ndi za kutsogolo. Mtengo wake unalipo: amalonda ena anadandaula kuti sangakwanitse data ya YouTube, ndipo mayi aja anayamba kuwatumizira fayilo patapita sabata, masiku athu 7 oyezera atatha.

Kenako tinasintha kapangidwe ka gawo. Moni unafupikitsidwa kukhala chiganizo chimodzi, ndipo kuthokoza achibale kunapita kumapeto. Mitengo ya sabata inabwera m'mphindi ziwiri zoyambirira, yolembedwanso pa katoni kuti iwoneke. Ena angaope kuti ukapereka chomwe anthu akufuna koyambirira athawa msanga. Tinavomera chiopsezo chimenecho chifukwa chomwe tinkafuna ndi choti munthu adziwe zomwe adzapeze sabata yamawa. Utali unatsika kufika mphindi 7 kapena 8. Tsiku linakhazikitsidwa: Lachisanu madzulo, potengera khadi la `When your viewers are on YouTube` komanso kuti ndi tsiku lomwe ambiri kuno amapumako. Magawo onse analowa mu `Playlist` imodzi, ndipo kumapeto kwa lililonse tinaika `End screen`, yomwe imakwanira m'masekondi 5 mpaka 20 omaliza, yolozera ku gawo lina la mndandanda. Izi tinazisintha pamodzi, podziwa kuti sitidzatha kunena chomwe chinagwira ntchito kwambiri mwa izo. Tchanelo cha anthu mazana ochepa sichingakwanitse kuyesa chinthu chimodzichimodzi, chaka chingathe. Chomwe sitinalole ndi kusakaniza kusintha kwa kawerengedwe ndi kusintha kwa vidiyo.

`Shorts` sitinaziletse. Tinangopempha kuti theka la tizidutswato tizichokera m'magawo enieni, monga mphindi yomwe mtengo ukutchulidwa, ndi kulumikizidwa ku gawo lake kudzera pa `Related video`.

YouTube itasintha magulu ake

Tili mkati mwa ntchitoyi, chapakati pa 2025, tsamba la `Audience` linasintha. M'malo mwa magulu awiri panabwera atatu: `New viewers`, `Casual viewers` ndi `Regular viewers`. A `Casual` ndi amene awonera tchanelo m'mwezi umodzi mpaka miyezi 5 pa miyezi 12 yapitayo, ndipo a `Regular` ndi amene abwera kwa miyezi 6 kapena kuposerapo pa miyezi 12 imeneyo. Mnyamata uja anandiimbira foni mawu ali pansi. "Bwana, okhulupirika athu atsala ochepa zedi, akuti ngakhale 1 peresenti sakufika."

Panalibe chomwe chinawonongeka. Tchanelo chinayamba mu Febuluwale, choncho m'mwezi wa Julayi munthu yekhayo amene akanatha kukhala `Regular` ndi amene anayamba kuwonera mwezi woyambirira weniweniwo osadumpha mwezi ndi umodzi womwe. Wina amene anapeza mndandanda mu Epulo n'kumawonera gawo lililonse mosaphonya akanatchedwabe `Casual` mpaka Sepitembala. Pa tchanelo chosakwana chaka, nambala ya `Regular` imakhala yaing'ono mwa chibadwa chake, ndipo imachedwa ndi theka la chaka kuwonetsa zotsatira za chomwe mwasintha lero. Dzina loti `Casual` nalonso limasocheretsa, chifukwa m'gulu limodzi muli munthu amene anabwera kawiri basi ndi amene wakhala miyezi isanu osaphonya.

Chomwe tinachita ndi kuphatikiza `Casual` ndi `Regular` kuti tipeze nambala yoyandikira ya obwerera akale, n'kujambula mzere wina wofiira m'kope poti kawerengedwe kasinthanso pang'ono. `Regular` tinaipatsa tsamba lake, lolembedwa kamodzi pa mwezi. M'maganizo anga magulu atatuwa ndi abwino kuposa awiri akale kwa tchanelo chokhwima, chifukwa amalekanitsa wobwera kawiri ndi wokhazikika. Kwa tchanelo chatsopano amangofooketsa anthu pachabe ngati palibe wowafotokozera.

Zotsatira

Magawo atatu oyambirira a kapangidwe katsopano sanawonetse kanthu: 380, 370, 395. Mayi aja anayamba kukayika, ndipo anali ndi chifukwa, popeza kudula moni kunawapweteka. Kwa iwo kuyamba nkhani osalonjera bwino n'kupanda ulemu. Chomwe chinandipatsa mtima woti tipitirize chinali mzere wa atsopano pa `Audience retention`, womwe sunkagwanso chagada pachiyambi. Munthu sangabwerere sabata yamawa ngati sanatsale lero, choncho chizindikirochi chimayamba kuwoneka obwerera asanakwere.

Kuyambira gawo lachinayi nambala inayamba kusuntha, pang'onopang'ono, pena kubwerera m'mbuyo. Sabata ya chisankho cha pa 16 Sepitembala atsopano ndi obwerera omwe anatsika pamodzi, ndipo tinailemba nyenyezi pambali osaiwerengera. Lamulo lomwe tinkatsata ndi loti magulu onse awiri akatsika limodzi, tiyambe tayang'ana kunja, kaya ndi netiweki, magetsi kapena nkhani yaikulu m'dziko. Obwerera okha akatsika atsopano ali pomwepo, vuto lili m'vidiyo kapena m'tsiku lomwe yatuluka. Tinaziwona zimenezi kamodzi, pomwe gawo linachedwa n'kutuluka Lolemba chifukwa cha maliro: atsopano sanasinthe, obwerera anachepa ndi pafupifupi 100, ndipo Lachisanu lotsatira anabwerera m'malo.

Pofika kumapeto kwa Okutobala, magawo anayi otsatizana anali ndi obwerera pakati pa 500 ndi 540, kuchoka pa 380. Atsopano anakhalabe cha m'ma 600 mpaka 700 pa gawo. Ichi ndi chomwe chinanditsimikizira kuti kukwerako n'kwenikweni: khomo lolowera silinakule, koma otsala m'nyumba anachuluka. Owonera ochokera ku `Browse features`, kutanthauza amene YouTube inawaikira gawo latsopano pa tsamba lawo loyamba, anakweranso, pomwe a `External` anaima pomwe anali, choncho sanali amalonda a m'magulu a WhatsApp aja owonjezereka. Tsamba la `Regular` linayamba kudzaza mwezi ndi mwezi, ngakhale gawo lina la kukwera kumeneko linali chabe kukalamba kwa tchanelo, ndipo ndinawauza kuti asadzitamandire nako konse.

Ziwerengero zonse za `Views` pa mwezi sizinafikenso pomwe zinafika mu Juni, ndipo mnyamata uja mpaka lero amaziwona ngati kulephera. Pa mfundo imeneyi sitinagwirizane. Iye akufuna vidiyo ina ngati ya mwera, ndipo sindikumuletsa. Ndinangomupempha kuti ikadzapezeka asadzaiike m'gulu la mndandanda, kuti isadzasokoneze kope.

Kamera sinagulidwe. Ndemanga za obwerera zinkadandaula kwambiri za mphepo ya kunyanja yomwe inkaphimba mawu pomwe mtengo ukutchulidwa, choncho mayi aja anagula kamaikolofoni kopanira pa kolala ndi ndalama ya geni, osakongola. Funso lomwe latsala lotsekuka ndi la nyengo yomwe boma limatseka usodzi wa makoka ena kumapeto kwa chaka, pomwe nsomba pa doko zimachepa ndipo mitengo ya sabata imasowa chonena. Tinagwirizana kuti magawo apitirire Lachisanu lililonse ndi mitengo ya nsomba zouma za m'misika, ndipo tinaika malire tisanawone zotsatira: obwerera akatsika pansi pa 400 kwa magawo atatu otsatizana, mndandanda upume mpaka nyanja itatsekulidwa, ndi kulengeza tsiku lobwerera m'gawo lomaliza.